Chiwongoladzanja sichinaiwalike, chili m'mulingo wotsitsira

"Ndikufuna kuika makina opangira ayezi ku Monkey Bay, oti ndizigulitsa kwa asodzi ndi ogula nsomba. Zonse zikufuna K20 miliyoni, theka ndikongola kubanki. Mphwanga yemwe anaphunzira za maakaunti wandiwerengera ndalama zolowa ndi zotuluka pa zaka zisanu, koma chiwongoladzanja cha K3 miliyoni pachaka sanachiikemo. Akuti sichilowa. Chingalephere bwanji kulowa pomwe banki izidzandidula ndithu? Kodi mwanayu sakundiponya m'dzenje?"

Achimwene, mphwanuyo musamukalipire. Ngati ndalamazo wazitsitsa ndi mulingo woyenera, chiwongoladzanjacho wachiwerengera kale, kungoti chalowera khomo lina.

Makina a ayezi sadziwa kuti anagulidwa ndi ndalama za ndani. Kaya mwagulitsa munda ku Namwera, kaya mwakongola kubanki, kaya akutumizirani achibale a ku Joni, ayezi wotuluka patsiku ndi yemweyo, bilu ya magetsi ndi yomweyo, dizilo wa jenereta ndi malipiro a anyamata n'chimodzimodzi. Choncho funso loyamba n'lakuti makinawo paokha akubweretsa zingati. Kagawidwe ka ndalamazo pakati pa inu ndi banki ndi funso lachiwiri, ndipo limayankhidwa ndi mulingo wotsitsira, ndiye kuti peresenti imene timachepetsera ndalama za m'tsogolo kuti tidziwe mtengo wake lero.

Mulingowo umachokera kwa anthu awiri amene aika ndalama. Banki yaika K10 miliyoni pa 30 peresenti. Koma kampani yolipira msonkho wa 30 peresenti pa phindu imachotsa chiwongoladzanja isanawerengere msonkho, ndiye pa K3 miliyoni ija, K900,000 imabwerera mwa kuchepa kwa msonkho. Ngongoleyo ikukudyerani K2.1 miliyoni, yomwe ndi 21 peresenti. Inunso mwaika K10 miliyoni, ndipo yanuyo si yaulere ayi. Mukanatha kuigwiritsa ntchito pa bizinesi ina, komanso zinthu zikavuta banki imayamba kutenga zake, inu n'kutola zotsala. Woima kumapeto kwa mzere ayenera kufuna zambiri kuposa woima kutsogolo. Tinene kuti mukufuna 39 peresenti. Nambalayi ndaisankha kuti masamu aphweke, yanu yeniyeni muiganizire nokha. Mukasakaniza ziwirizi molingana ndi gawo la aliyense mumapeza chimene mabuku amalemba kuti WACC:

```
WACC = 0.5 × 30% × (1 − 0.30) + 0.5 × 39% = 30%
```

Kuti muone kuti banki ilimo kale mu 30 peresentiyi, tiyeni tiyerekeze bizinesi ya chaka chimodzi chokha. Mwaika K20 miliyoni, pakutha pa chaka mwapeza K26 miliyoni, msonkho wawerengedwa ngati kuti palibe ngongole. Banki ikutenga K10 miliyoni yake ndi K3 miliyoni yapamwamba, msonkho ukutsika ndi K900,000, ndiye ngongole yakudyerani K12.1 miliyoni. Kwatsala K13.9 miliyoni, yomwe ndi K10 miliyoni yanu ndi 39 peresenti yanu ndendende. Aliyense wapeza zomwe amafuna, palibe chotsala, palibe chopelewera. Tsopano gawani 26 ndi 1.30, mupeza 20, ndalama imene munaika ija. Masamu akunena zomwezo: bizinesiyi ikukwanira kulipira onse awiri, basi.

Nanga mukanayamba mwachotsa K3 miliyoni n'kutsala ndi 23, kenako n'kugawa ndi 1.30? Mukanapeza 17.7, n'kumati bizinesiyo ikuluza K2.3 miliyoni. Koma tangoona kumene kuti aliyense walandira zake zonse. Kuluzako kwabwera chifukwa banki mwailipira kawiri, koyamba pochotsa, kachiwiri potsitsa.

Tibwerere ku makina anu. Simunanditumizire manambala a mphwanu, ndiye tingoyerekeza kuti mukalipira magetsi, dizilo, antchito, zokonzetsa ndi msonkho, mukutsala ndi K9 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Pa 30 peresenti, K9 miliyoni ya chaka choyamba ndi K6.9 miliyoni lero, ya chaka chachisanu ndi K2.4 miliyoni chabe. Zisanu zonse pamodzi zikukwana K21.9 miliyoni. Chotsanipo K20 miliyoni yogulira, patsala K1.9 miliyoni. Si zambiri, koma makinawo akudzilipira. Mukachita momwe mtima wanu ukufunira, n'kuika K6 miliyoni m'malo mwa K9 miliyoni, zonse zikukwana K14.6 miliyoni, ndipo pepala likuuzani kuti mukutaya K5.4 miliyoni. Bizinesi yabwinobwino mungaisiye chifukwa cha kuphonya kumodzi kumeneku.

Pali malo amodzi pomwe ngakhale ophunzira amaterereka, ndipo ndikupemphani mukawaone pa pepala la mphwanu. Msonkho uyenera kuwerengedwa pa phindu lomwe chiwongoladzanja sichinachotsedwe. Akawerengera msonkho wochepa chifukwa cha ngongole, kwinaku mu WACC wagwiritsanso ntchito 21 peresenti, ndiye kuti K900,000 ija waidya kawiri, ndipo makinawo aoneka okoma kuposa momwe alili. Komanso 21 peresentiyo ndi ya amene akulipiradi msonkho wa pa phindu. Ngati bizinesi yanu ili pa msonkho wongodula potengera zogulitsa, kapena zaka zoyamba sipadzakhala phindu lokhomerapo msonkho, ngongoleyo ikudyerani 30 peresenti yonse, ndipo mulingo ukwera kufika 34.5. Pa mulingo umenewu K9 miliyoni zisanu zija zikungokwana pafupifupi K20.2 miliyoni. Mwatsala pakamphepete.

Ngati mukufunitsitsa kuona chiwongoladzanja ndi maso anu, njira yake ilipo ndipo ndi yolondola. Muwerengere za m'thumba mwanu zokha: poyambira ikani K10 miliyoni yanu osati K20 miliyoni, chaka chilichonse chotsani chiwongoladzanja ndi kubweza kwa ngongole yeniyeniyo, msonkho ukhale wotsika uja, ndipo mutsitse ndi 39 peresenti yanu. Pa chitsanzo cha chaka chimodzi chija, 13.9 kugawa ndi 1.39 ndi 10, ndendende K10 miliyoni yanu imene munaika, ndiye yankho ndi lomwe lija: palibe chotsala, palibe chopelewera. Pa zaka zisanu mayankho awiriwa amasiyanako pang'ono, poti WACC imaganiza kuti gawo la ngongole likhala theka mpaka kumapeto, pomwe ngongole yeniyeni ili ndi kabwezedwe kakekake. Choletsedwa ndi kutenga ndalama za njira imodzi n'kuzitsitsa ndi mulingo wa njira inayo.

Komabe nkhawa yanu ili ndi pake, ndipo pepala la mphwanu siliyankha. Likunena ngati makinawo ndi oyenera kugula, silikunena ngati mudzakhala ndi ndalama m'manja pa tsiku lobweza. Ayezi amayenda ndi nsomba. Mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi asodzi ambiri salowa m'madzi, ndipo nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka ogula amachepanso, koma banki imadula mwezi uliwonse osafunsa za mphepo. Muuzeni mphwanu akulembereni pepala lachiwiri la mwezi ndi mwezi, lokhala ndi chiwongoladzanja ndi kubweza konse, kuti muone miyezi imene thumba lidzauma, ndipo mupite nalo kubanki pokakambirana za kabwezedwe musanasaine.