Kusanthula luso la kalembedwe: Genesis 1:1-5 m'Buku Lopatulika

"Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe ndime imodzi n'kufotokoza luso la kalembedwe kake. Ine ndinasankha mavesi asanu oyamba a Genesis m'Buku Lopatulika chifukwa ndimawadziwa pamtima. Koma ndikati ndilembe, ndimangopezeka ndikubwereza nkhani yolenga dziko. Kodi ndiyang'ane chiyani kwenikweni?" Wophunzira wa Fomu 4, ku Dedza.

Mphwanga, mwasankha ndime yabwino, koma kuidziwa pamtimako ndiye kukukutsekani m'maso. Mawu amene munthu wawamva kuyambira ku Sande sukulu amangodutsa m'khutu osakhudza. Ndiye tsegulani bukulo, tengani pensulo, muyambe ndi ntchito yooneka yopusa: kuwerenga mawu a m'chiganizo chilichonse.

Vesi loyamba likuti, "Pachiyambi Mulungu adalenga kumwamba ndi dziko lapansi." Mawu 7, mneni m'modzi, popanda popumira. Lachiwiri likuti, "Dziko lapansi ndipo linali lopanda kanthu, ndipo mdima unali pamwamba pa nyanja, ndipo mzimu wa Mulungu unalikufungatira pamwamba pa madzi." Apa pali mawu 20, ogawika patatu: 6, 6 ndi 8. Kenaka lachitatu: "Ndipo anati Mulungu, Kuyere: ndipo kunayera." Mawu 6 okha.

Manambalawa paokha sakupatsani malikisi. Chofunika n'kufunsa kuti kutalikako kwagwa pati, kufupikako kwagwa pati. Chiganizo chachitali chagwa pamene palibe chikuchitika. Taonani aneni ake: linali, unali, unalikufungatira. Onsewo ndi ongokhala, palibe wosuntha chinthu. Owerenga mokweza amakakamizika kupuma kawiri asanafike kumapeto, ndipo chigawo chomaliza n'chotalika kuposa zinzake, moti womvera amayamba kudikira. Chiganizo chachifupi chagwa pamene chinthu chachikulu chikuchitika. Mdima wakokedwa m'mawu 20, kuwala kwabwera m'mawu 6. Mukalemba zimenezo, mwasiya kubwereza nkhani, mwayamba kusanthula.

Pa Chichewa musamalenso chinthu china. Liwu lathu limodzi limatha kunyamula mwininkhani, nthawi ndi ntchito pamodzi, choncho kuwerenga mawu kokha kumanyenga. Werengani maphatikizo. U-na-li-ku-fu-nga-ti-ra ali ndi maphatikizo 8, pamene Ku-ye-re ali ndi atatu. Onsewa ndi liwu limodzilimodzi pa pepala, koma m'kamwa si ofanana m'pang'ono pomwe. (Mabaibulo ena akale amalemba "Paciyambi" ndi "unalinkufungatira", ndiye koperani monga zalembedwera m'buku lanulo.)

Tikhalitse pa "unalikufungatira", chifukwa chithunzithunzi champhamvu cha ndime yonseyi chili m'liwu limeneli. M'mavesi asanuwa mulibe chifanifani ngakhale chimodzi. Simupezamo "ngati" kapena "monga". Komabe aliyense amene anawetako nkhuku akamva kufungatira amaona thadzi litagona pa mazira, mapiko litatambasula, losafuna kusuntha, kwa milungu itatu yathunthu. Nkhukuyo sinatchulidwe, mazira sanatchulidwe, koma mneniyo wabwera nazo zonse: kufunda, kudekha, ndi moyo umene sunaoneke koma uli m'njira. Ndiponso mneniyu nthawi zambiri amafuna pamtherankhani, timati kufungatira mazira kapena kufungatira mwana. Apa chofungatiridwacho palibe, pangoti "pamwamba pa madzi". Dziko ndi lopanda kanthu, ndiye n'chifukwa chake mneni naye wasiyidwa wopanda chogwira. Kuti muone kulemera kwa liwuli, lichotseni muikepo "unali kuyenda". Tanthauzo lapafupi litsala, koma kudikira kuja kutha, ndipo vesi lachitatu lisanduka chinthu chongogwa mwadzidzidzi m'malo mwa chinthu choswedwa nthawi yake itakwana. Njira yochotsa liwu n'kuikapo lina ndi imene ndimaidalira kwambiri poyesa ngati liwu likugwiradi ntchito.

Tsopano "Kuyere". Omasulira akanatha kulemba kuti "pakhale kuwala", koma anasankha mneni wopanda dzina, wotsogozedwa ndi ku- yemwe timamumva tikamati kwacha, kwada, kukuzizira. Ku- ameneyu saloza chinthu, amaloza malo onse. Choncho kuwala sikukubwera ngati katundu woikidwa penapake, koma ponseponse pakusintha nthawi imodzi. Yankho lake ndi tsinde lomwelo, "kunayera". Chasintha ndi -e wolamula kukhala -a, ndi -na- wa nthawi yapita. Pakati pa lamulo ndi kuchitika pali "ndipo" m'modzi basi, palibe "patapita nthawi", palibe kufotokoza mmene zinachitikira. Mphamvu ya wolankhulayo sinanenedwe ndi mfotokozi aliyense, yaonekera m'kuchepa kwa mpata umenewo. Kumbukiraninso kuti kuyera m'chinenero chathu kumakhudza kuwala, ukhondo ndi chiyero, moti womvera wa ku tchalitchi amamva zonsezo pamodzi.

Tsatirani tsindelo mpaka pansi. M'vesi lachinayi lasanduka dzina lokhala ndi kaloza kumapeto, "kuyerako", kusonyeza kuti tsopano ndi chinthu chodziwika chimene tingachiloze. M'vesi lachisanu lapatsidwa dzina lakelake, Usana. Lamulo, chochitika, chinthu, dzina. Galamala ikuyenda limodzi ndi nkhani, kuchokera pa chopanda maonekedwe kufika pa chotchulidwa.

Nkhani yanu isakhale yongoyamikira ayi. Ndimeyi ili ndi pokhota. M'mavesi achiwiri ndi achitatu okha muli "ndipo" kasanu. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene inatsogozedwa ndi m'busa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo omasulira ake ankatsata kwambiri kayalidwe ka Chiheberi, chomwe chimalumikiza ziganizo ndi kamlumikizi kamodzi kobwerezabwereza. N'chifukwa chakenso mukupeza "anati Mulungu", mneni patsogolo, mwininkhani pambuyo. Kubwerezako kumapatsa ndime kayendedwe kolemera, koyenera kuwerengedwa pa guwa, ndipo kumachititsa kuti chochitika chilichonse chiime pachokha, china chisakhale pansi pa chinzake. Koma "Dziko lapansi ndipo linali lopanda kanthu" si mmene munthu amayankhulira. Mlumikizi walowa pakati pa dzina ndi mneni wake, ndipo lilime limapunthwa. Ine ndimaona kuti apa omasulira anamvera Chiheberi kuposa khutu la Mchewa. Mukhoza kutsutsana nane, bola muloze mawu ake.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pa mayankho otere ndi kulemba kuti "mlembi wagwiritsa ntchito mawu okoma ndi ziganizo zazifupi pofuna kukopa owerenga". Chiganizo chimenecho mungachiike pansi pa ndime ina iliyonse n'kukwana, ndiye kuti sichinanene kanthu za ndime yanu. Mfundo iliyonse ikhale ndi mawu enieni a m'ndime, chimene mwaona pa mawuwo, ndi chimene chikuchitika kwa womvera. Mwachitsanzo: "Pambuyo pa chiganizo cha mawu 20 chodzaza ndi aneni osasuntha, lamulo likubwera m'liwu limodzi la maphatikizo atatu, Kuyere, ndipo kufupikako kukuchititsa womvera kumva kuti mdima wadulidwa kamodzin'kamodzi."

Mfundo zitatu zotere zikwanira. Vesi lachinayi ndi mathero a lachisanu ndakusiyirani dala. Yambani ndi mneni "analekanitsa", kenaka mudzifunse chifukwa chake chiganizo chomaliza chikutchula madzulo m'mawa usanatchulidwe, ndi chifukwa chake "tsiku loyamba" laima kumapeto lopanda mneni wake.