Kalata yofunsa mtengo ndi tsiku lofikira katundu: kuchoka ku Bangula kupita ku Lilongwe

"Ndimachita geni ya chitowe pa Bangula. Ndapeza wogula ku Kanengo, ku Lilongwe, amene akufuna matumba 60 pasanadutse Lachisanu sabata yamawa. Ndinalembera kampani ina ya malole kufunsa mtengo ndi masiku, koma angoyankha kuti zimatengera. Kodi ndilembe bwanji kuti andiyankhe zomveka?"

Mayi, kalaliki wa kampani ya malole amatchula mtengo akadziwa zinthu zinayi: kulemera kwa katundu, pokwezera, potsitsira, ndi tsiku limene katunduyo adzakhale atakonzeka. Chimodzi chikasowa, yankho lake limakhala lomwelo mwalandiralo. Choncho kalata yanu iyambe ndi kumupatsa zimenezi, mafunso abwere pambuyo.

Kulemera lembani m'matani, osati matumba okha. Matumba 60 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 3,000, omwe ndi matani atatu. Nambala imeneyi ndi imene imauza kampani ngati ikutumizireni kalole kakang'ono kapena ingokupatsani malo m'lole yaikulu. Ngati matumba anu ndi odzaza mpaka kusokerera pamwamba, muwayeze pasikelo musanalembe. Dalaivala akafika n'kupeza kuti matani atatu aja ndi anayi, mtengo umasinthira pomwepo, katundu ali kale panja, ndipo inu mulibe mphamvu yokanira. Pokwezera paja tchulaninso bwino. Sitolo ya m'mbali mwa msewu wa M1 pa Bangula ndi yosiyana ndi mudzi wa kudambo kumene lole ingatitimire mumchenga.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndikuona kuti ndiyo ingakutayitseni wogula. Musafunse kuti ulendowu umatenga masiku angati. Kuchoka pa Bangula kudzera ku Ngabu, Nchalo ndi Chikwawa kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza kukafika ku Lilongwe ndi ena opitirira pang'ono 300. Lole yodzaza imachedwa pokwera phiri ikadutsa pa Thabwa, imaima pa zipata za apolisi, komabe ulendo wonse ungathe m'tsiku limodzi kapena awiri. Akakuuzani kuti masiku awiri sananame. Chimene sanakuuzeni n'chakuti masikuwo ayamba kuwerengedwa liti.

Apa pali njira ziwiri zonyamulira, ndipo muyenera kudziwa kuti akukutchulirani iti. Mukabwereka galimoto yonse, imanyamuka ikangomaliza kukweza katundu wanu. Koma akaphatikiza katundu wanu ndi wa anthu ena, matumba anu angatsitsidwe pa depoti ku Blantyre n'kumadikira kuti lole ya ku Lilongwe idzaze. Kudikira kumeneku n'kumene kumadya sabata. N'chifukwa chake funso loyenera ndi lakuti adzakweza tsiku liti, adzatsitsa tsiku liti, ndipo kodi katunduyo adzasinthidwa galimoto panjira.

Kalatayo ingakhale motere, masiku mudzaika anu:

"Kwa Bwana woyang'anira zonyamula katundu,

Ndikupempha mtengo wonyamulira chitowe, matumba 60 a makilogalamu 50, onse pamodzi matani atatu, kuchokera pa Bangula, m'boma la Nsanje, kukatula ku Kanengo, ku Lilongwe. Sitolo yanga ili m'mbali mwa msewu wa M1 ndipo lole imafika pakhomo. Katundu adzakhala wosoka ndi woyeza kale Lolemba pa 9 Juni m'mawa. Wogula akufuna alandire pasanadutse Lachinayi pa 12 Juni, nthawi ya ntchito.

Chonde mundiuze mtengo wobwereka galimoto yonse, komanso mtengo ngati mungaphatikize katundu wanga ndi wa ena. Pa njira iliyonse mundilembere tsiku lokweza ndi tsiku lotsitsa, ndiponso ngati katundu adzasinthidwe galimoto ku Blantyre. Ndikufunanso kudziwa ngati mtengowo ukuphatikiza okweza, otsitsa ndi msonkho wa boma, kuti ukhala wosasintha mpaka liti, komanso kuti adzalipira ndani matumba akanyowa kapena kusowa panjira. Ngati muli ndi lole yobwerera yopanda katundu kuchokera kuno kuchigwa sabata imeneyo, mundidziwitse.

Ndingathokoze mutandiyankha molemba pofika Lachisanu lino.

Ine wanu,"

Mwaona kuti ndalemba Lachinayi pamene wogula wanena Lachisanu. Tsiku limodzilo ndi lanu, la tayala lophulika kapena mzere wa dizilo. Malo osungira katundu ambiri salandira usiku, ndipo lole ikafika Lachisanu madzulo atatseka, pena mumadikira mpaka Lolemba, kampani n'kukulipiritsani masiku amene galimoto yagona ndi katundu.

Chiganizo cha lole yobwerera chija musachisiye. Malole amatsika kuchigwa ndi simenti, feteleza ndi katundu wa m'magolosale, ndipo ena amakwera phiri opanda kanthu. Mwini wake mafuta obwererawo amawagula ndithu, kotero katundu wanu kwa iye ndi phindu lowonjezera, ndipo amalola kutsitsa mtengo. Kuipa kwake n'kwakuti tsiku amasankha ndi iyeyo, inu muyenera kukhala mutasoka kale matumba.

Mayankho akabwera, musathamangire nambala yooneka yaing'ono. Tiyerekeze chabe, manambalawa ndi ophunzirira, si mitengo ya lero. Kampani yoyamba yati K600,000 galimoto yonse, kukweza ndi kutsitsa zili momwemo, kufika pakhomo pa wogula Lachitatu. Mukagawa ndi matumba 60, thumba lililonse likuyenda pa K10,000. Yachiwiri yati K8,000 pa thumba, zomwe ndi K480,000, ndipo zikuoneka ngati mwapulumutsa K120,000. Koma okweza ndi otsitsa ndi anu: K500 pa thumba pa Bangula ndi K500 ina ku Lilongwe, ndiye K60,000. Akukatsitsira pa depoti yawo, ndipo kagalimoto kokafikitsa ku Kanengo kakufuna K50,000. Zonse pamodzi K590,000. Kusiyana kwatsala K10,000 yokha, pamene yachiwiriyi yangoti idzanyamuka ikadzaza. Ine pamenepa ndingatenge yoyamba mosakayika, chifukwa yalemba tsiku.

Za kutalika kwa nthawi imene mtengo ukhale wosasintha, musazione ngati zazing'ono. Mtengo wa lole umatsata mtengo wa dizilo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Novembala 2023, mafuta anakwera pasanathe masiku, ndipo mitengo imene anthu anagwirizana pakamwa inafera pomwepo. Ngati akulemberani kuti mtengo ndi wa masiku asanu ndi awiri, mudziwe kuti muyenera kukweza m'kati mwa masikuwo.

Kwa ife a kuchigwa pali chinanso chowonjezera m'kalata ya nthawi ya dzinja. Msewu wa tala wokwera ku Blantyre ndi umodzi, ndipo namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaudula, malole n'kuima masiku. Juni alibe vuto limeneli, koma mukamadzatumiza pakati pa Disembala ndi Malichi, mudzafunse kuti msewu ukaduka katundu adzasungidwa kuti, ndipo ngati mudzalipira masiku odikirawo. Tenti yofunditsa katundu mufunse nyengo iliyonse, chifukwa ku Dedza ndi ku Ntcheu mvula yowaza ya chiperoni imagwa ngakhale m'miyezi yozizira, ndipo chitowe chikanyowa chimachita nkhungu, wogula n'kuchikana.

Tsiku lokweza, werengani matumba pamodzi ndi dalaivala, asayine pepala losonyeza chiwerengero ndi kulemera kwake, inu mulembe nambala ya galimoto ndi foni yake, mutumize chithunzi cha pepalalo kwa wogula. Pa malipiro, pemphani kupereka theka pokweza, theka linalo wogula akakuimbirani kuti wawerenga matumba 60.