Pamene agogo ndi adzukulu akhala pabwalo limodzi

"Ndine mlembi wa komiti ya padoko kuno ku Malombe. Sabata yamawa ndikayankhula pamsonkhano za kusodza ndi maneti a udzudzu. Kudzakhala amfumu, ashehe, eni maukonde ndi anyamata okoka. Ndiyankhule bwanji kuti akulu asakhumudwe, anyamata asagone?"

Achimwene, musakonze zoyankhula ziwiri, za akulu padera, za anyamata padera. Mukatero, aliyense amangomvera gawo lake n'kutseka makutu pa linalo. Pezani chitsanzo chimodzi choti onse aikepo dzanja.

Kwanuko chitsanzocho ndi chambo. Mukatha kupereka ulemu, kuyambira amfumu, kenako ashehe ndi abusa ngati alipo, musafotokoze nokha za kale, poti simunalione. Pemphani mkulu mmodzi kuti: "Agogo, tatiuzeni, muli mnyamata chambo cha m'Malombe muno chinkakula bwanji?" Adzatambasula manja, anyamata adzaseka mosakhulupirira, ndipo akulu anzake adzamuikira umboni. Koma mukamuonere kunyumba dzulo lake, mugwirizane kuti ayankha funso limodzi lokha. Ine ndinadzidzimutsapo mkulu wina pagulu, anayambira nthawi ya Atsamunda, pomwe boma la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston, mpaka nthawi ya swala inakwana ndisananene zanga.

Akamaliza agogowo, tembenukirani kwa anyamata ndi funso la m'thumba: chigoba cha kasawala, tiana ta chambo tija, akugulitsa zingati lero, nanga chambo chimodzi chachikulu pamsika wa paboma ndi zingati? Mitengoyo anene okha. Apo m'pamene munganene kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo neti ya udzudzu imakokolola anawo akangotuluka. Akulu amva za kholo ndi ana ake, anyamata amva ndalama imene akuitaya isanakule.

Mawu oti "anyamata a masiku ano" asatuluke pakamwa panu. Amene amakoka ndi anyamata, inde, koma maukonde ambiri eni ake ndi akuluakulu omwe akhala kutsogolowo. Mukadzudzula mbali imodzi pamaso pa inzake, msonkhano wasanduka mlandu. Nenani kuti "ife asodzi".

Chiyankhulo cha pa kabaza, monga "bho" kapena "madala", chisiyeni. Akulu amachimva ngati chipongwe, ndipo anyamata sachifuna kwa munthu amene waima pamaso pa amfumu. Mwambi umodzi ukwanira, monga "tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha", koma muumasulire pomwepo, chifukwa ena sanamuonepo tsokonombweyo. Ngati Chiyao chanu n'chosweka, perekani moni wokha m'Chiyao, zotsalazo wina amasulire.

Muziyang'ananso bwalo. Akulu akayamba kuwerama n'kumalemba pansi ndi kamtengo, mwawapweteka penapake, bwererani ku "ife". Anyamata akumbuyo akatulutsa mafoni, mwatalikitsa, aponyereni funso la mtengo wa usipa.