Kodi "mwandigwirira ntchito" ndi mawu othokoza?

Funso: Ndangokwezedwa kumene kukhala mkulu wa nthambi paofesi ina kuno ku Zomba, ndipo ambiri mwa anthu asanu ndi awiri amene ndikuwayang'anira ndi aakulu kwa ine. Sabata yathayi tinkaweruka usiku kuti malipoti otsekera chaka cha chuma apite lisanadutse tsiku la 31 Malichi, ndipo anapitadi. Ndalemba uthenga uwu: "Okondedwa timu yanga, ndikuthokoza chifukwa chondigwirira ntchito molimbika mpaka takwanitsa dedilaini. Mwayesetsa. Pitirizani choncho." Mnzanga wina akuti ukumveka mwamwano, koma akulephera kuloza pamene palakwika. Ndikonze pati?

Mayi wa ku Matawale

Yankho: Mayi, mnzanuyo ali ndi khutu labwino, ndipo chimene chamukhumudwitsa chili m'kati mwa mawu amodzi okha, mawu akuti "chondigwirira". Mneni wake ndi "kugwira", koma inu mwauwonjezera tizigawo tiwiri: ka "-ndi-" kamene kakuloza inuyo, ndi ka "-ir-" kamene kamasonyeza kuti chinthu chachitidwa m'malo mwa munthu wina kapena kuti chipindulire iyeyo. Kachigawo kachiwirika ndi komwe timakamva mu "kuphikira" ndi "kulimira", ndipo kamasanduka "-er-" mu "kulembera" ndi "kukonzera". Mwini munda akanena kuti "anyamata aja andilimira ndime ziwiri", aliyense amadziwa kuti mundawo ndi wa ndani, ndiponso kuti anyamatawo ndi aganyu amene akudikira malipiro awo madzulo. Choncho mukauza munthu amene wakhala paofesipo zaka khumi ndi zisanu, inu mutangofika mwezi wathawu, kuti wakugwirirani ntchito, mwamuuza mosadziwa kuti ntchitoyo ndi yanu ndipo iye anali wongobwerekedwa. Iye amaona mosiyana: malipotiwo wakhala akuwalemba chaka ndi chaka, mabwana ena anabwera ndi kupita, ndipo ntchitoyo ndi yake.

Ena amathawira ku mawu akuti "mwandithandiza", poganiza kuti ndi ofatsa. Ndi ofatsadi, koma nthenda yake ndi yomweyo, chifukwa wothandiza amathandiza pa katundu wa mwini. Kukonza kwake n'kosavuta: chotsani tizigawo tiwiri tija, mutsale ndi "ntchito imene mwagwira". Pamenepo ntchito yabwerera m'manja mwa eni ake.

Sindikunena kuti "-ndi-" asaonekenso mu uthenga wanu wonse. Ali ndi malo ake, ndipo kwa inu amene muli watsopano, malowo ndi amtengo wapatali. Muikeni pa zinthu zimene anthuwo anachitiradi inuyo monga mlendo: "munandionetsa mmene mafayilo a chaka chatha anasungidwira", kapena "munandiuza msanga pamene ndinkafuna kutumiza fomu yolakwika". Apa kachigawo komweko, kamene kanakukwezani pamwamba pawo mu chiganizo choyamba chija, kakukutsitsani kukhala wophunzira, ndipo achikulire amakondwa kumva kuti bwana wachichepere akudziwa amene anamuonetsa njira. Kunena mwachidule, thukuta lilandire "mu-", kuphunzira kwanu kulandire "-ndi-", ndipo zotsatira zilandire "ti-". N'chifukwa chake "takwanitsa" wanu uja sindikumukhudza. Koma "ti-" ameneyu musamale naye, pakuti amanama mosavuta. Mukalemba kuti "tinavutika mpaka usiku" pamene tsiku lina inu munachoka 5 koloko, amene anatsala mpaka 9 koloko n'kuyenda mumvula kukafuna kabaza wopita ku Chinamwali sadzakutsutsani pamaso, koma adzakumbukira.

Tibwere ku mneni wothokozera weniweniyo. "Ndikuthokoza" si wolakwika, koma alibe munthu m'kati mwake, chifukwa "-ku-" amene ali mmenemo akungosonyeza kuti zikuchitika tsopano, ngati mu "ndikudya". Kuti anthuwo alowemo pafunika "-ku-" wachiwiri ndi "-ni" kumapeto: "ndikukuthokozani". Poyankhula ambiri timameza "-ku-" mmodzi n'kunena "ndikuthokozani", ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa liwu limatithandiza, koma papepala mawu amenewa angamveke ngati lonjezo, monga mu "mukamaliza ndikuthokozani". Lembani onse awiri. Chimene simuyenera kutaya ngakhale pang'ono ndi "-ni", pakuti "ndikukuthokoza" amapita kwa mwana kapena kwa mnzanu wapamtima mmodzi.

Owerenga ambiri amandifunsa ngati "kuthokoza" ndi "kuyamikira" ndi chinthu chimodzi. Amayandikana, koma sayima malo amodzi. Timathokoza chifukwa cha chimene talandira, pamene timayamikira chimene taona kuti chachitika bwino, kotero kuti mu "kuyamikira" muli kachiweruzo pang'ono. Mphunzitsi amayamikira wophunzira, ndipo woyendera ntchito amayamikira nthambi imene yasunga bwino mabuku. Inu muli ndi udindo woyamikira, palibe angakulandeni, koma mu uthenga woyamba ndingakonde kuti kuthokoza kutsogole, ndipo kuyamikira kubwere pambuyo kutagwira chinthu chenicheni: "ndikuyamikira kuti ziwerengero zonse zinagwirizana ndi za kubanki". "Kutamanda" musiyireni Mulungu ndi mafumu. "Zikomo" payekha ndi wopepuka, osati chifukwa ndi woipa, koma chifukwa timamutuma ntchito zambiri: timanena zikomo podutsa pakati pa anthu, poyamba kuyankhula pamsonkhano, ngakhale potsanzika. Akafuna kulemera amafunika mnzake, "zikomo kwambiri chifukwa cha" chakutichakuti.

Mawu amene ndikukhulupirira kuti akanapweteka kwambiri ndi "mwayesetsa". Mu Chichewa cha tsiku ndi tsiku, mawuwa timauza munthu amene sanafike pamene timafuna koma sitikufuna kumugwetsa mphwayi. Mwana akabwera ndi zotsatira za mayeso zosakondweretsa kwenikweni, kholo limati "wayesetsa, chaka chamawa uchite bwino". Timu ya mpira ikagonja ndi chigoli chimodzi, ochemerera amati "anyamata anayesetsa". Anthu anu sanagonje. Auzeni kuti "mwagwira ntchito yotamandika" kapena "mwadzipereka", kapena bwino koposa, tchulani chimene anachita. Nawo mawu akuti "pitirizani choncho" ndi lamulo, ndipo kuwafewetsa kuti "mupitirize" sikuwachotsa ulamulo. Dzifunseninso kuti mukuwauza kuti apitirize chiyani. Munthu amene wangotha sabata osadya nsima yamadzulo ndi ana ake angamve kuti kuweruka usiku ndiye kachitidwe ka bwana watsopanoyu. Malangizo ali ndi tsiku lawo pamsonkhano wa Lolemba, ndipo mu uthenga wothokoza asalowemo. M'malo mwake ikani "pepani", amene m'chiyankhulo chathu savomera kulakwa kokha koma amasonyezanso kuti mwaona kuvutika kwa mnzanu, monga timachitira kwa wodwala kapena wopunthwa.

Za "timu" ndi "dedilaini" sindilimbana nazo kwambiri, chifukwa m'maofesi a ku Zomba mawuwa amamveka tsiku lililonse. Polemba, komabe, "tsiku lomaliza limene tinapatsidwa" kapena kungotchula tsikulo kumamveka bwino, ndipo wothandiza muofesi amene sanapite patali ndi sukulu sasiyidwa kunja. Vuto lenileni la malonje anu ndi "yanga", amene akubwereza umwini uja, komanso "okondedwa timu" sagwirizana, pakuti "okondedwa" akufuna anthu pamene "timu" ndi chinthu chimodzi. "Anzanga ogwira nawo ntchito" ndi okwanira, ndipo popeza ambiri ndi achikulire mungayambe ndi "Amayi ndi abambo". Mukatchula munthu ndi ntchito yake, ulemu uli pa chilembo choyamba: "oyendetsa galimoto athu", osati "woyendetsa galimoto wathu". Kuno ambiri amaitanana ndi "Che" wa Chiyao, ndipo ngati munthu anazolowera kuitanidwa choncho ndi anzake akale, inu musafulumire kulowamo. Yambani ndi "Bambo" kapena "Mayi" kufikira mwini wake atakupatsani njira.

Mwina mwaganizapo zoikamo mwambi. Wa "mutu umodzi susenza denga" ndi umene umabwera msanga, koma ndi mwambi woitanira anthu denga lisananyamulidwe, ndipo ukanenedwa ntchito itatha umamveka ngati phunziro kwa anthu amene angosonyeza kumene kuti akulidziwa kale. Ndingausiye.

Nawu uthenga wanu mmene ine ndikanaulembera, ndipo zochitika zimene ndaikamo ndi zongoyerekeza, inu muikemo zenizeni:

"Amayi ndi abambo, anzanga ogwira nawo ntchito, ndikukuthokozani kwambiri chifukwa cha ntchito imene mwagwira kuti malipoti athu apite lisanadutse tsiku la 31 Malichi. Ndikudziwa kuti masiku anayi otsatizana munafika kunyumba usiku, ndipo pepani chifukwa cha nthawi imene mabanja anu anakusowani. Lachitatu magetsi atazima munayamba kuwerengera malisiti pamanja m'malo modikira, ndipo oyendetsa galimoto athu anadikira mpaka womaliza atatuluka. Ine ndine mlendo pano, ndipo munandionetsa zambiri zimene sindikanazidziwa pandekha. Takwanitsa chifukwa cha inu."

Onani mmene nthawi za aneni zayendera. "Mwagwira" ndi "takwanitsa" akunena za chinthu chimene chatha koma chikadali chofunda, pamene "munafika" ndi "munayamba" akuloza masiku odziwika a sabata yatha. Mukanalemba "mudagwira", monga timaonera m'mabuku ambiri, ntchito ya sabata yathayi ikanamveka ngati nkhani yakalekale. Izi zikukuuzaninso kuti uthengawu usagone m'kabati: "mwagwira" ali ndi mphamvu Lolemba lotsatira, koma pakatha milungu itatu adzakhala atazizira ndipo mudzafunika kusintha aneni onse.

Potchula anthu, pa gulu la asanu ndi awiri musatchule atatu n'kusiya anayi. Tchulani onse, aliyense ndi kanthu kake, kapena tchulani zochitika zokha monga ndachitira pamwambapa, kupatula munthu ngati woyendetsa galimoto amene dzina lake silioneka pa lipoti lililonse. Pomaliza lembani "Ine wanu," kenako dzina lanu, popanda udindo pansi pake. Onse asanu ndi awiri akuudziwa kale udindowo, ndipo ena mwa iwo mwina anaufunsira nawo.