Mlembereni za katoni yake

*"Akulu, ndayamba kumene kubweretsera anthu katundu wochokera kunja. Ndikufuna kulembera imelo mwini shopu yemwe sandidziwa n'komwe. Ndilembe chiyani kuti asangoifufuta?"*

Achimwene, adzaifufuta ndithu mukayamba ndi mbiri yanu. Ine ndimafufuta otere tsiku lililonse. "Ndife akatswiri, ndife odalirika, timathandiza mabizinesi kukula." Kukula kupita kuti? Mwini shopu amawerenga imelo ali chiimire, foni kudzanja limodzi, kasitomala akumufunsa mtengo. Chimene chingamuimitse ndi kuona chinthu chake chomwe, chimene angathe kupita kukachigwira.

Ndikuuzeni imene inandipezera kasitomala yemwe ndili naye mpaka lero. Ndinali kumalo kolandirira katundu wobwera pandege, ndikudikira wanga. Pambali panga panali makatoni a mayi wina wogulitsa zikwama za ana asukulu, dzina la shopu lili pa chipepala chomatapo. Mnyamata wonyamula anakweza katoni imodzi ndi dzanja limodzi. Katoni yaikulu choncho, dzanja limodzi! Ndinasendera n'kuwerenga chipepalacho: masentimita 60, 40 ndi 40, kulemera makilogalamu 8.

Wa ntchito ino aliyense akanadziwa pomwepo kuti mayiyo akulipirira mphepo. Makampani otumiza katundu mwachangu sayang'ana sikelo yokha. Amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, ndipo yankholo amalitenga ngati makilogalamu. Kenako amayerekeza ndi za pasikelo, n'kukulipiritsani chimene chakula.

```
60 × 40 × 40 ÷ 5000 = 19.2
50 × 30 × 30 ÷ 5000 = 9
```

Katoni ya makilogalamu 8 inkalipiridwa ngati ya 19.2. Chifukwa chake? Ogulitsa zikwama amazitumiza atazifutukula ndi mapepala mkati kuti zioneke bwino. Mukachotsa mapepalawo n'kuzisanja zitaphwa, zimalowa m'katoni yaing'ono.

Madzulo ake ndinalemba. Mutu wake unali wakuti "Makatoni anu a zikwama: mukulipira makilogalamu 19 pa katundu wa 8". Mkati munali izi zokha:

"Mayi, simundidziwa. Ndimabweretsa katundu kudutsa malire, ndipo lero ndaona makatoni anu kolandirira katundu. Ndi a 60 × 40 × 40 koma akulemera makilogalamu 8 okha. Taonani pa lisiti yanu ngati sanakulembereni makilogalamu oposa 19 pa katoni. Ngati ndi choncho, zikwamazo zitachotsedwa mapepala zikhoza kulowa m'katoni ya 50 × 30 × 30, imene amaiwerengera 9. Mutha kungowauza okutumiziraniwo, simukufunika ine. Mukafuna, oda yanu yotsatira ndikulongedzereni katoni imodzi kuti muyerekeze."

Basi. Sindinaikemo chikalata chomata, sindinaikemo ulalo, chifukwa zotere zochokera kwa mlendo anthu amaopa kuzitsegula, ndipo nthawi zina zimakathera mu `Spam`. Sindinapemphe kuti tikumane. Ndinampatsa nzeru yonse ulere, ndipo anzanga ena anandiseka kuti ndataya malonda. Ndataya chiyani? Munthu wotanganidwa akaona kuti wanena zoona, safuna kukavutika yekha, amakutuma iwe.

Ndipo onani kuti sindinalembe kuti "ndidzakuchepetserani ndalama ndi theka," ngakhale masamuwo akupitirira theka. Mawu amenewo ine ndikawaona m'mimba mumandiwotcha.

Anandilembera munthu, ejenti wokonza mapepala a pamalire, ndili ndi katundu wa zida za magetsi a dzuwa yemwe ndinaikapo mpamba wanga wonse ndi ngongole pamwamba. Imelo yake inali yosalala, ya chizindikiro chokongola, yolonjeza kudula msonkho pakati. Sananene kuti adula bwanji. Chikomekome cha mkuyu. Chimene anachita n'kulemba katundu wanga pa nambala ya HS ya gulu lina la msonkho wotsika. HS ndi nambala imene a kasitomu amadziwira mtundu wa katundu ndi msonkho wake. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira a HS ndi ofanana pafupifupi dziko lililonse, ndiye wa kasitomu sanavutike. Anatsegula katoni imodzi, anayang'ana invoyisi, anayang'ana fomu, n'kutseka geti.

Fomu ija inali m'dzina langa. Ejenti foni anazima.

Anthu a pamalire aja, Mulungu awaone. Sindikukana kuti nambala inali yolakwika. Koma kuikonza inali ntchito ya m'mawa umodzi. Woyamba anati fayilo ili kwa abwana. Abwana ali kumsonkhano. Atabwera anati makina sakugwira. Makina atagwira, wosayina wapita kutchuthi, ndipo cholembera chake chikuoneka kuti palibe wina angachigwire. Tsiku lililonse lotuluka dzuwa, nyumba yosungira katundu ikuwerengera lendi yake, woyendetsa lole akuwerengera yake yodikira, wondikongoza akuimba. Mmodzi wa iwo ankandidutsa pa benchi paja akutokosa m'mano, n'kumandifunsa mokoma kuti, "Mukadalipo?" Ankafuna ndinene mawu ena ake. Sindinanene. Ndinalipira msonkho wonse, chindapusa, ndi lendi, ndipo katundu anatuluka makasitomala anga atagula kale kwa ena. Ndinagulitsa galimoto kuti ndiyambirenso. Ambiri amene tinayambira limodzi anagwa ndi zochepa kuposa zimenezo, ine ndikadali pamsewu.

Munafunsa za imelo. Eni mashopu ambiri analumidwapo ndi munthu ngati ejenti uja, ndiye akamawerenga yanu amakhala akusaka fungo lake. Lonjezo limene sangalitsimikize popanda kukupatsani katundu kapena ndalama, amalitaya. Limene angaliyese ndi tepi yoyezera ndi lisiti yomwe ili kale m'dirowa mwake, amaliyesa, ngakhale chabe pofuna kukugwirani bodza. Mayi uja anandiyankha mzere umodzi: "Pa lisiti alemba 19.5, osati 19." Ankafuna kundikonza. Kampaniyo inkakweza nambala kufika pa theka la kilogalamu lotsatira. Ndinangoti zikomo, katoni ija ndilongedze liti?

Koma musatenge imelo yangayi n'kuimwaza kwa aliyense, mudzachita manyazi. Wogulitsa mabawuti kapena zitsulo za injini salipirira mphepo, sikelo ndiyo imamulamula, ndipo mukamulembera za kukula kwa katoni adzadziwa kuti simunaonepo katundu wake. Wa magalasi ndi mababu amafunika malo otsala aja kuti zisasweke. Mukamupanikizira, zophwanyika mudzalipira ndinu. Komanso 5000 si wa onse. Katundu wamba wa pandege ambiri amagawa ndi 6000, ndipo a malole ali ndi mawerengedwe awoawo, ena amangoyeza makyubiki mita. N'chifukwa chake ndinalemba kuti "taonani pa lisiti yanu ngati", sindinalumbire. Mukalumbira n'kuphonya nambala imodzi, imelo yachiwiri sadzaitsegula.

China, musamuchititse manyazi. Simukumuuza kuti ndi wopusa, mukumuuza kuti womutumizira katundu akumulongedzera mosasamala. Ndipo mukaona zolakwika zitatu, tchulani chimodzi. Pa makatoni a mayi aja ndinaonanso kuti sanalembepo dziko limene zikwamazo zinapangidwa, zomwe tsiku lina zikanampatsa wa kasitomu chifukwa chowagwirira, koma ndinazisunga mpaka titayamba kugwira ntchito limodzi.

Akapanda kuyankha, mkumbutseni kamodzi pakatha sabata, mizere iwiri, pansi pa imelo yomwe ija. Akakhalabe chete musiyeni. Ndipo ngati simunapitebe kukaima kumene katundu amatsikira n'kumawerenga zipepala za pamakatoni a anthu, musatsegule kaye foniyo, chifukwa mulibe cholemba.