Si bodza lenileni, vuto lili pa zisankho za wofufuza

"Ndamva kuti kafukufuku wambiri wa saikoloje akamubwereza satulutsa zomwezo. Ndiye kuti asayansiwo ankanama? Nanga zolembetsa kafukufuku asanayambe zimathandiza chani?"

Achinyengo alipo ndithu koma ndi ochepa, ambiri amadzinamiza okha osadziwa. Mu 2015 gulu lotsogozedwa ndi Brian Nosek linabwereza makafukufuku 100, mwa amenewo 97 anali atanena kuti apeza kanthu, koma powabwereza pafupifupi 36 pa 100 alionse ndi omwe anapezanso kanthuko, ndipo kukula kwa zotsatirazo kunatsika pafupifupi ndi theka.

Nkhani yagona pa kalamulo ka p < 0.05, koti nambala yotchedwa p, yomwe amaiwerengera kuchokera ku zomwe ayesa, ikatsika pansi pa 0.05 wofufuza amati wapeza kanthu. Tanthauzo lake nlakuti ngati palibe chilichonse chenicheni, mwayi chabe ukupusitsa maulendo 5 pa 100. Komatu zimenezi zimagwira ngati unasankhiratu choyesa usanaone deta. Tiyerekeze uli ndi magulu awiri, anthu 20 gulu lililonse, wawerengera p yabwera 0.08. Ukuti aaa yatsala pang'ono, uwonjezera anthu 10 gulu lililonse, sizinathekebe, ndiye uyang'ana muyeso wachiwiri womwe unatenganso, kenako uona ngati amuna ndi akazi akusiyana, mwadzidzidzi 0.04 ija yatuluka basi walemba pepala ngati unkafuna zimenezo kuyambira pachiyambi. Sunapeke nambala ngakhale imodzi. Mu 2011 Simmons, Nelson ndi Simonsohn anaonetsa kuti ukaphatikiza zisankho zinayi zangati izi, 5 uja amakwera kufika cha m'ma 60 pa 100. Magazini a sayansi nawonso ankakonda kusindikiza zomwe "zatheka" zokha, zokanika nkumangogona mudirowa.

Kulembetseratu kumatseka khomo limeneli. Usanatole deta umalemba pa webusaiti ngati OSF kapena AsPredicted zomwe ukuyembekezera, anthu angati ndendende, muyeso uti, uchotsa ndani ndipo chifukwa chani, kompyuta nkuikapo deti. Ukadzapeza china chosangalatsa pambuyo pake sukuletsedwa kuchinena ayi, kungoti uvomere kuti wachipeza pofufutafufuta. Palinso njira ina yomwe ine ndimaikonda kwambiri, magazini amaunika pulani yako nkulonjeza kusindikiza zotsatira zisanadziwike, kaya zibwere bwanji.

Kuika deta poyera ndi pulogalamu ya pakompyuta yowerengera kumathandiza mbali ina, munthu wina atha kuwerengeranso nkuona ngati zotsatirazo zikugwa ukangobwezamo anthu atatu omwe anachotsedwa. Koma deta yomwe sanaiike simungaione.

Ndiye mukaona pepala likuti linalembetsedwa musangokhulupirira, tsegulani linki muyerekeze. Onani ngati detiyo ikuonetsa kuti analembetsa asanatole deta, ngati chiwerengero cha anthu chikufanana, komanso ngati muyeso womwe akuutama mupepalamo ndi womwewo analonjeza. Pulani yongoti "tiyesa mmene anthu akumvera" osatchula muyeso wake imasiya mpata wonse uja uli chitsegukire, ndipo zimandipweteka kuti zoterezi zimadutsabe.