Mwana wa gwape m'moto: momwe ungalembere za vuto la zoipa

"Zikomo bambo. Ndili m'chaka chomaliza cha sekondale, ndipo aphunzitsi atiuza kuti tilembe chimangirizo chofotokoza vuto la zoipa ndi mayankho amene zipembedzo zimapereka. Ndawerenga zambiri koma zikungondizunguza mutu. Ndiyambire pati?"

Yambira pa ziganizo zitatu, uzilembe moonekera m'ndime yoyamba. Mulungu ndi wamphamvuzonse. Mulungu ndi wabwino kotheratu. Zoipa zilipo. Wotsutsa amati zitatuzi sizikhalira limodzi: ngati Mulungu amafuna kuthetsa zoipa koma zikumukanika, ndiye kuti mphamvu zake n'zoperewera, ndipo ngati angathe koma sakufuna, ubwino wake uli pati? Funsoli anthu amalipatsa Epikuro, Mgiriki amene anamwalira mu 270 Yesu asanabadwe, ngakhale kuti timalimva kudzera mwa olemba a pambuyo pake.

Ophunzira ambiri amasokonekera chifukwa sazindikira kuti mavutowa ndi awiri. Loyamba analikhwimitsa katswiri wa filosofi J. L. Mackie mu 1955, ponena kuti ziganizo zitatu zija zimatsutsana, moti wozikhulupirira zonse akudzitsutsa yekha. Kuti mfundoyi igwire, anawonjezera kuti wabwino amachotsa choipa chilichonse chimene angathe kuchotsa, komanso kuti wamphamvuzonse alibe malire pa zimene angachite. Amene akuyankha Mackie ntchito yake ndi yopepukirapo. Akungofunika kuonetsa kuti n'zotheka Mulungu kukhala ndi chifukwa chabwino cholekerera zoipa.

Vuto lachiwiri ndi lolemera, ndipo ndikupempha kuti ulipatse malo aakulu. Mu 1979 katswiri wina wa filosofi, William Rowe, anapereka chitsanzo ichi. M'nkhalango yakutali mphezi yawomba mtengo wouma, moto wabuka. Mwana wa gwape wasowa kothawira, wapsa koopsa, koma sanafe pomwepo. Wagona pansi masiku angapo akumva ululu wosaneneka mpaka kutsirizika. Palibe munthu anayatsa motowo, palibe anamuona, palibe anaphunzirapo kanthu. Rowe sakunena kuti izi zikutsimikizira kuti Mulungu kulibe. Akuti kuvutika kotere, kooneka kopanda phindu, n'kochuluka zedi, ndipo kuchulukako ndi umboni wopendekera ku mbali yoti kulibe. Mackie akuti "sizingatheke", pomwe Rowe akuti "n'zokayikitsa".

Tsopano usamutaye gwapeyu. Yankho lililonse limene ulembe ulibweretse pamene wagonapo, uone ngati likumufikira.

Yankho lodziwika kwambiri ndi la ufulu wosankha. Ogasitini wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, ankaphunzitsa kuti choipa si chinthu cholengedwa ayi, koma kuperewera kwa ubwino, monga mmene chilonda chilili kuwonongeka kwa thupi labwino, ndipo chinalowa pamene zolengedwa zaufulu zinafulatira Mulungu. Mackie anafunsa kuti: bwanji Mulungu sanalenge anthu aufulu amene nthawi zonse amasankha chabwino? Alvin Plantinga anayankha mu 1974 kuti ngati munthu alidi mfulu, Mulungu sangamukonzeretu chosankha, ndipo n'zotheka kuti mfulu aliyense amene akanalengedwa akanalakwabe penapake. Akatswiri ambiri amavomereza kuti yankholi linafooketsa vuto loyamba. Limafotokoza bwino zoipa zochitidwa ndi anthu, monga kupha ndi nkhondo. Koma gwape uja sanawotchedwe ndi chisankho cha munthu. Plantinga anati n'zotheka kuti zoipa za m'chilengedwe zimachokera kwa angelo ogalukira, ndipo mawu oti "n'zotheka" amakwanira pa Mackie, koma pa Rowe amaperewera. Ukalemba zimenezi, wochonga adzadziwa kuti wamvetsa nkhaniyi.

Yankho lachiwiri ndi la kuumba khalidwe. John Hick analikonza mu 1966 potengera maganizo a Irenayo wa ku Lyon, mphunzitsi wa mpingo wakale wachikhristu. Iye anati Mulungu sanalenge anthu okhwima kale, ndipo dziko lino ndi malo okuliramo. Kulimba mtima sikungakhalepo popanda choopsa, chifundo sichingaoneke popanda wovutika. Komanso dziko liyenera kuyenda pa malamulo okhazikika: moto umene umafunditsa ndi womwewo umene umatentha, ndipo Mulungu akanati aziuzimitsa nthawi iliyonse ukafuna kupweteka cholengedwa, zochita zathu sizikanakhala ndi zotsatira zodalirika. Apa yankho layandikira gwape uja, chifukwa likufotokoza motowo. Koma masiku angapo a ululu aja akuumba khalidwe la yani? Ngakhale pakati pa anthu, alipo amene mavuto amawathyola osawakuza, ndi makanda amene amamwalira asanaphunzire kalikonse. Hick mwini anaona zimenezi, n'chifukwa chake anati kuumbidwako kumapitirira kuseri kwa imfa. M'Chisilamu muli ganizo loyandikana nalo: Kurani, pa sura 2 ndime 155, imanena kuti anthu adzayesedwa ndi mantha, njala, ndi kutaya chuma, miyoyo ndi zokolola, ndipo nkhani yabwino ndi ya opirira.

Ena amati kuvutika ndi malipiro a zochita. M'Chihindu ndi m'Chibuda muli chiphunzitso cha karima, chakuti zochita zimabala zipatso ngakhale m'moyo wotsatira, choncho gwape uja angakhale akukolola za moyo wakale. Koma samala, Chibuda sichiphunzitsa za Mlengi wamphamvuzonse, ndiye ziganizo zitatu zija sizichikhudza mofanana. M'Baibulo ganizo loti wovutika aliyense analakwa ndi limene anzake a Yobu ankalimbikira, ndipo pa Yobu 42:7 Mulungu anawakwiyira.

Yobu yemweyo akutifikitsa ku yankho limene ine ndimaliona lamphamvu koposa pa Rowe. Kuyambira chaputala 38, Mulungu sakumuuza Yobu chifukwa chimene wavutikira. Akungomufunsa kumene anali pamene maziko a dziko ankaikidwa. Stephen Wykstra mu 1984 anakonza ganizoli motere: kunena kuti "sindikuona chifukwa" sikufanana ndi kunena kuti "palibe chifukwa", pokhapokha ngati chifukwacho chikanakhala chooneka kwa ife. Ukasuzumira m'chipinda n'kusaona njovu, uli ndi ufulu wonena kuti mulibe njovu. Ukapanda kuona tizilombo toyambitsa matenda, sunganene kuti mulibe. Zifukwa za Mulungu zingakhale ngati tizilomboto. Yankholi limamufikira gwape, koma lili ndi mtengo wake, ndipo ine limandisowetsa mtendere. Ngati sitingathe kuweruza kuti choipa ichi n'chopanda phindu, tikapeza gwapeyo akadali moyo tidziwa bwanji kuti kumupulumutsa sikuwononga ubwino wina wobisika? Wokhulupirira amayankha kuti ife talamulidwa kuthandiza, zobisikazo n'za Mulungu. Lemba mbali zonse ziwiri.

Pomanga chimangirizocho, ndime ziwiri zoyamba zikhale za ziganizo zitatu zija ndi kusiyana kwa Mackie ndi Rowe, yachitatu ya gwape. Kenako sankha mayankho atatu okha, lililonse ndime yakeyake, ndipo ndimeyo ithere pa funso limene yankholo lasiya. Mbali yolimba ya wotsutsana nawe uilembe mokwanira, moti iye atawerenga avomere kuti ndi zimenedi amanena. M'ndime yomaliza nena yankho limene wapeza lamphamvu, utchulenso pamene likulephera, ndipo mawu akuti "zikutsimikizira" uwasiye ngati mfundo yako yangofika pa "zikuoneka kuti".